Momwe mungasandutsire chithunzi cha tsamba la buku la jenereta kukhala tebulo la vuto, choyambitsa ndi chochita

Magetsi anazima chakumadzulo pamalo ometera a alamu anga, anthu atatu ali pabenchi, wachinayi ali pampando atametedwa mbali imodzi. Mnyamata amene amathandiza pamalopo anakoka chingwe cha jenereta mpaka thukuta kamukamu, injini osalira. Alamu anali kutauni, ndiye anangomutumizira pafoni chithunzi cha tsamba la buku la malangizo. Tsambalo linali la Chingerezi, zilembo zing'onozing'ono, mabokosi ndi mivi yoloza uku ndi uku. Mnyamatayo analiyang'ana pang'ono, n'kuika foni m'thumba, n'kutenga sipanala kuyamba kumasula kabuleta. Anataya ola lathunthu ndi kasipuling'i kamodzi. Vuto lenileni linali loti oyilo anachepa, ndipo zimenezi zinali m'bokosi lachinayi la tsamba lomwelo.

Tsamba la buku limalembedwera munthu wokhala pansi amene ali ndi nthawi yowerenga. Munthu amene wawerama pajenereta, makasitomala akumuyang'ana, amafuna kupeza chimene akuona, n'kuuzidwa choti achite. Ntchito yathu apa ndi kutenga chithunzi chija n'kuchisandutsa tebulo la madanga atatu lokwana papepala limodzi. Ndigwiritsa ntchito tsamba la jenereta yaing'ono ya petulo, yokoka ndi chingwe, ya mawati 2000, chifukwa ndi limene ndinakhala nalo pansi mpaka kulimaliza.

Zofunika kukhala nazo

- Foni yokhala ndi kamera, galasi lake litapukutidwa
- Buku la malangizo lenilenilo, kapena munthu amene ali nalo ndipo angakujambulireninso masamba ena
- Mapepala awiri, lina lolembapo zongoyesera, lina la tebulo lomaliza
- Pensulo, cholembera chakuda, cholembera chofiira ndi rula
- Jenereta imene mukuilembera, ili pafupi moti mutha kuyendera n'kukaiona
- Kathumba ka pulasitiki koonekera mkati, kosungiramo pepalalo

Kompyuta siyofunika. Amene akufuna kutaipa atha kutero pamapeto, tebulo litakhazikika kale papepala.

Gawo 1: Yambani ndi chithunzi chowerengeka

Yalani buku pamalo osalala, panja pamthunzi, ndipo zimitsani kuwala kwa kamera chifukwa kumasiya chibanga choyera pakati pa tsamba. Foni ikhale pamwamba penipeni pa tsamba, osaipendeketsa. Panikizani pakati pa buku ndi rula kuti mawu a pafupi ndi msoko asapindike. Jambulani katatu: tsamba lonse kamodzi, kenako theka lakumtunda, kenako theka lakumunsi. Chithunzi cha tsamba lonse ndi choonera kumene mivi ikulowera, ndipo za mateka ndi zowerengera mawu.

Ngati wina akukutumizirani pa WhatsApp, muuzeni atumize ngati Document. Akatumiza mwachizolowezi chithunzi chimachepetsedwa, ndipo zoyamba kufufutika ndi timadontho ta m'manambala.

Chenjezo: musapitirire musanayese izi. Pezani nambala yaing'ono kwambiri patsambalo n'kuikulitsa ndi zala. Ngati simungathe kusiyanitsa 0.7 ndi 07, kapena 3 ndi 8, jambulaninso. Musalote nambala.

Gawo 2: Tsimikizani kuti bukulo ndi la jenereta yanu

Buku la alamu linasowa kalekale, ndipo chithunzi chija chinachokera kwa mnzawo wa golosale amene jenereta yake imaoneka chimodzimodzi. Kufanana kwa penti sikokwanira. Yang'anani kachitsulo kapena kapepala komatidwa pajenereta kamene kali ndi nambala ya mtundu wake, muiyerekeze ndi imene ili pachikuto cha buku. Mabuku ambiri amalembedwera mitundu ingapo nthawi imodzi, ndiye mupeza mizere yonena za batire ndi kiyi pomwe yanu ndi yokoka ndi chingwe. Mizere yotereyi idutseni ndi pensulo papepala lanu loyesera, isalowe m'tebulo. Lembani nambala ya mtunduyo pamwamba pa pepala lomaliza.

Gawo 3: Koperani zonse musanafupikitse chilichonse

Tsamba limene tikufuna nthawi zambiri limakhala chakumapeto kwa buku, mutu wake uli TROUBLESHOOTING. Liwerengeni lonse kamodzi osalemba kanthu. Kenako werengani mabokosi kapena mizere yake, mulembe chiwerengerocho pakona pa pepala. Tsamba lathu linali ndi mabokosi a mafunso asanu ndi anayi: asanu ndi limodzi pansi pa mutu wa injini yosalira, atatu pansi pa mutu wa magetsi osatuluka. Chiwerengero chimenechi mudzachifuna pa Gawo 8.

Tsopano lembani bokosi lililonse pamzere wake, mulipatse nambala, ndipo musasiye mawu ngakhale amodzi. Mafoni ambiri masiku ano amatha kukopera mawu a pachithunzi, ndipo zimathandiza ngati tsamba ndi lalitali. Koma njira imeneyi siiona mivi. Imakupatsani mafunso onse pamodzi, mawu a YES ndi NO atamwazikana, mayankho atachoka pamalo pake. Imasokonezanso chilembo O ndi nambala 0. Pa tsamba la mabokosi ndi mivi, kukopera pamanja n'kofulumira kuposa kukonza zimene foni yasokoneza.

Pokopera, zungulizani ndi cholembera chofiira paliponse pamene buku likuti onani tsamba lakutilakuti. Tsamba lathu linali ndi malo anayi otero: la oyilo, la pulagi, la kakapu ka zinyalala za petulo, ndi la mphamvu ya jenereta. Masamba amenewo muwajambulenso lero lomwe. Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Tsamba la mavuto palokha silinena kuchuluka kwa oyilo kapena mpata wa pulagi, limangokulozerani kwina. Tebulo lokhala ndi mawu oti "onani tsamba 24" pakhoma la malo ometera, buku lili kugolosale, silithandiza munthu.

Gawo 4: Jambulani tebulo, mutchule vuto m'mawu a munthu amene waima pamakinapo

Gonekani pepala cham'mbali, mujambule madanga atatu. Loyamba likhale lopapatiza, lachiwiri lapakatikati, lachitatu lalikulu kuposa onse chifukwa ndi limene lidzadzaze. Mitu yake: Chimene mukuona, Choyambitsa, Chochita.

M'danga loyamba mulowe zokhazo zimene munthu angaone, kumva kapena kununkhiza asanagwire sipanala. "Ndikukoka chingwe koma siikulira" ndi vuto looneka. "Pulagi yada" si vuto looneka, chifukwa palibe amene amaona pulagi asanaimasule. Chimenecho ndi choyambitsa, ndipo malo ake ndi danga lachiwiri. Mukakayikira, dzifunseni ngati mnyamata wa pamalopo angayankhule mawu amenewo pokuimbirani foni. Ngati sangatero, mawuwo si a danga loyamba.

Nthawi zina buku limaunjika mavuto awiri pamutu umodzi. Lathu linaika za oyilo pansi pa injini yosalira basi, chonsecho tsamba la oyilo linafotokoza kuti kachipangizo koteteza injini kamaizimitsanso ili mkati molira, oyilo akatsika. Kwa wogwiritsa ntchito amenewa ndi mavuto awiri osiyana: wina akuti siikulira, wina akuti yangozima yokha. Ndinalemba choyambitsa chomwecho kawiri, pansi pa mavuto onse awiri. Kubwereza kotereku n'koyenera, pakuti munthu amawerenga mzere wa vuto lake lokha.

Gawo 5: Tembenuzani mafunso ndi mivi

Pano ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo musathamange.

Tsamba la mivi silitchula choyambitsa. Limafunsa funso, n'kutulutsa mivi iwiri. Wina umapita cham'mbali kubokosi la chochita, wina umatsikira kufunso lotsatira. Choyambitsa chimabisala m'yankho limene likupita cham'mbali. Tengani bokosi lofunsa ngati muli oyilo wokwanira mu injini. Muvi wa NO ukupita kumanja, kubokosi lakuti thirani oyilo woyenera. Muvi wa YES ukutsika. Ndiye choyambitsa ndi "oyilo wachepa", chochita ndi "thirani oyilo", ndipo muvi wotsikawo ukungokuuzani kuti mzere wotsatira m'tebulo ndi uti.

Chitani chimodzimodzi bokosi lililonse, chala chili pamuvi. Ndikunena chala chenicheni, chitakhudza galasi la foni, chifukwa maso okha amalumpha. M'mabokosi asanu ndi atatu a tsamba lathu, muvi wopita kuchochita unali wa NO, moti dzanja linazolowera. Koma bokosi limodzi linafunsa mozondoka: kodi chipangizo chimene mwalumikiza chili ndi vuto? Pamenepo muvi wopita kuchochita unali wa YES. Ulendo woyamba ndinalemba mzerewo mosemphana, tebulo n'kumauza munthu kuti akonze makina ometera amene ali bwinobwino. Ndinazindikira pokhapokha nditabwerera kuchithunzi.

Pali mabokosi ena amene funso lake silingayankhidwe ndi maso okha. Lathu lina linkafunsa ngati petulo akufika ku kabuleta. Munthu sangadziwe zimenezi asanayese, ndipo kayesedwe kake kanalembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono pansi pa tsamba: tsekani kampopi ka petulo, masulani kabawuti kotulutsira petulo pansi pa kabuleta, ikani kachitini, tsegulani kampopi, muone ngati petulo akutsika. Mawu amenewa ayenera kulowa m'danga la Chochita, patsogolo pa kukonza kwenikweniko. Mzere wotere umakhala ndi mbali ziwiri, kuyesa ndi kukonza, ndipo mukasiya kuyesa ndiye kuti mwauza munthu amasule chinthu chimene mwina chilibe vuto.

Muvi womaliza pansi pa tsamba nthawi zambiri umathera pabokosi lakuti pitani nayo kwa okonza. Limeneli musalitaye poganiza kuti silikunena kanthu. Ndi limene limauza mnyamata uja polekezera. Lembani ngati mzere womaliza wa vuto lililonse.

Gawo 6: Dzazani danga la Chochita ndi manambala enieni

Tsegulani zithunzi za masamba anayi aja. Pamene munalemba kuti "thirani oyilo", tsopano lembani mtundu wake, kayezedwe kake ndi polekezera. Buku lathu linati SAE 10W-30, injini yonse imalowa malita 0.6, ndipo poyeza jenereta ikhale pamalo osapendekeka, kandodo koyezera mukalowetse osakapotokola. Mawu akuti "osakapotokola" ndi ochepa koma akasowa, muyeso umanama: kandodo kamalowa kwambiri n'kuonetsa ngati oyilo alipo wokwanira.

Pa pulagi, mpata wake unali mamilimita 0.7 mpaka 0.8. Pobwezera, muyambe kumanga ndi dzanja kuti mazinga asadyane, kenako sipanala: theka la kuzungulira ngati pulagi ndi yatsopano, kagawo kakang'ono chabe kosapitirira kota ngati ndi yakale yomweyo. Manambala awa ndi a buku limene ndinali nalo. Injini zambiri zazing'ono zimayandikira pamenepa, komabe inu koperani a m'buku lanu.

Mawu olembedwa pamakina muwasiye momwe alili. Ngati swichi yalembedwa ON ndi OFF, tebulo linene ON ndi OFF, chifukwa ndi zimene diso lidzafunafuna. Samalani kwambiri ndi choki. Buku lathu linkati poliza injini yozizira kandodo ka choki kakhale pa CLOSED, ikalira kabwerere pa OPEN. Koma pajenereta penipenipo panalibe mawu amenewo, panali kachizindikiro chabe. Tinayenda kukaona, ndipo m'tebulo ndinalemba kuti "kumanzere" ndi "kumanja" monga zinalili pamakinawo, munthu ataima kumbali ya chingwe. Pa majenereta ena mawu ake ndi ena, ndiye musakopere mbali kuchokera kwa ine.

Chiganizo chilichonse m'danga ili chiyambe ndi mawu olamula: zimitsani, tsegulani, yezani, thirani. Chiganizo chimodzi, ntchito imodzi.

Gawo 7: Sanjani mizere, muike machenjezo pamalo pake

Pansi pa vuto lililonse, yambani ndi chimene chingaonedwe ndi maso popanda chida, kenako chofuna dzanja, n'kumalizira chofuna sipanala. Mabuku ambiri anasanja kale chonchi, ndipo ngati ndi choncho musasinthe. Munthu amayamba kuwerenga pamwamba, ndipo mzere wa kabuleta ukakhala woyamba adzayambira pomwepo.

Machenjezo a WARNING amene ali patsambalo musawaunjike onse pansi pa pepala, kumene palibe amene amafika. Chenjezo lokhudza ntchito imodzi lilowe mumzere wa ntchitoyo, ndi cholembera chofiira, lisanafike lamulo limene likulikhudza. Chenjezo lakuti pukutani petulo wotayika liyenera kuwerengedwa munthu asanayese moto wa pulagi. Okhudza nthawi zonse ndi amene amapita pamwamba pa pepala, ndipo akhale ochepa. Ife tinaika awiri. Loyamba: musalize jenereta m'nyumba kapena m'kachipinda kotseka, utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha. Lachiwiri: zimitsani injini, idikireni izizire musanathire petulo.

Nali tebulo lathu momwe linathera:

| Chimene mukuona | Choyambitsa | Chochita |
|---|---|---|
| Mukukoka chingwe, siikulira | 1. Petulo watha | Tsegulani thanki muone. Thirani petulo injini itazizira. |
| | 2. Swichi ya injini ili pa OFF | Ikani pa ON. |
| | 3. Kampopi ka petulo n'kotseka, kapena choki sichinatchedwe | Tsegulani kampopi. Injini ikakhala yozizira, kandodo ka choki kumanzere, ikalira, kumanja. |
| | 4. Oyilo wachepa | Ikani jenereta pamalo osapendekeka. Lowetsani kandodo osapotokola. Thirani SAE 10W-30 mpaka pakamwa pothirira. |
| | 5. Pulagi yada, yanyowa kapena yatha | Injini izizire. Pukutani petulo wotayika. Masulani, yeretsani, umitsani. Mpata: mamilimita 0.7 mpaka 0.8. Ikasweka, sinthani. Mangani ndi dzanja kaye. |
| | 6. Petulo sakufika ku kabuleta | Moto ndi fodya kutali. Tsekani kampopi, masulani kabawuti kotulutsira petulo pansi pa kabuleta, ikani kachitini, tsegulani kampopi, muone ngati petulo akutsika. Akapanda kutsika, tsekani kampopi, tsukani kakapu ka zinyalala kamene kali pansi pa kampopi ka petulo. |
| | Zonsezi zili bwino | Lekani pomwepa. Itanani makaniko. |
| Yazima yokha ili mkati molira | Petulo watha, kapena oyilo watsika | Onani 1, kenako 4. |
| | * Jenereta yapendekeka | Isunthireni pamalo osalala, muyezenso oyilo. |
| Injini ikulira, magetsi palibe | 7. Buleka yagwa | Zulani zonse. Bwezerani buleka pa ON. |
| | 8. Katundu wachuluka | Zonse pamodzi zisapitirire mawati 2000. Lumikizani chimodzichimodzi. |
| | 9. Chipangizo kapena waya wake ali ndi vuto | Yesani ndi babu imene mukudziwa kuti imayaka. Ikayaka, vuto lili pa chipangizocho. |
| | Babu nayonso siikuyaka | Zimitsani. Itanani makaniko. |
| * Utsi wakuda, injini ikulira molemera | * Choki chaiwalika, kapena fyuluta ya mpweya yatsekeka ndi fumbi ndi tsitsi | Bwezerani choki kumanja. Tsukani siponji ndi madzi a sopo, iume, inyowetseni ndi oyilo pang'ono, finyani. |

Za timizere ta nyenyezi

Mwaona kuti mizere ina ili ndi kanyenyezi. Imeneyo sinali patsamba lija. Ya utsi wakuda inachokera kwa makaniko amene amakonza jeneretayo, ndipo ya kupendekeka tinaiphunzira tokha, chifukwa kuseri kwa malo ometerako n'kotsetsereka. Jenereta ikapendekeka, oyilo amathawira mbali imodzi, kachipangizo koteteza kaja n'kuona ngati wachepa, n'kuzimitsa injini. Ndimakhulupirira kuti nzeru zotere ziyenera kulowa m'tebulo, pakuti buku silidziwa kuti jenereta yanu imapuma tsitsi tsiku lonse. Koma zikhale ndi chizindikiro, ndipo pansi pa pepala mulembe kuti nyenyezi ikutanthauza "si za m'buku". Tsiku lina wina akadzatsutsa mzere, mudzadziwa ngati mukayang'ane m'buku kapena mukafunse munthu.

Mzere wa 8 uli ndi nkhani yake. Pajenereta panalembedwa 2200 ndi zilembo zikuluzikulu, koma tsamba la mphamvu linasonyeza manambala awiri: 2200 ndi imene ingafikidwe kwa kanthawi kochepa, 2000 ndi yogwirira ntchito mosalekeza. M'tebulo mumalowa yaing'onoyo. Makina ometera ndi mababu sadya zambiri, koma chowumitsira tsitsi cha pamalopo chinalembedwa mawati 1800 chokha. Chikayatsidwa wailesi yakanema ndi zina zili kale pamoto, buleka imagwa. Tinalemba pambali ndi pensulo kuti chowumitsira chiziyatsidwa zina zitazimitsidwa. Zinthu zokhala ndi mota, monga firiji, zimakokanso mphamvu yochuluka kangapo panthawi yoyamba kuposa imene yalembedwa, ndiye ngati muli nazo siyani mpata.

Gawo 8: Bwererani kuchithunzi, kenako kumakina

Tsegulani chithunzi cha tsamba lonse. Bokosi lililonse mulipeze m'tebulo, muchonge. Munali ndi mabokosi asanu ndi anayi, muyenera kuchonga kasanu ndi kanayi. Kenako chitani mobwerera: mzere uliwonse wopanda nyenyezi muupeze pazithunzi za masamba a buku. Mukapeza mzere umene kulibe, ndiye kuti mwaika maganizo anu mosadziwa, ndipo uyenera kulandira nyenyezi kapena kuchotsedwa. Pomaliza werengani manambala okhaokha, mokweza, wina akuyang'ana pachithunzi.

Mukatero, perekani pepalalo kwa munthu amene adzaligwiritse ntchito, inu mutseke pakamwa. Iye asanaone, ikani swichi pa OFF, kapena tsekani kampopi, kapena gwetsani buleka, n'kumuuza kuti ailize. Musayese ndi oyilo kapena china chimene chingawononge injini. Muoneni pamene akuima, pamene akubwereza kuwerenga, pamene akukuyang'anani. Mnyamata wa alamu anaima pa mawu akuti "kakapu ka zinyalala". Sankadziwa kuti kali pati. Tinawonjezera kuti "pansi pa kampopi ka petulo", ndipo ndinajambula kachithunzi kakang'ono pambali.

Gawo 9: Liikeni pamene vuto limachitikira

Lembani tebulo loyera ndi cholembera chakuda, zilembo zazikulu zoti n'kuwerengeka ndi tochi ya foni, chifukwa nthawi imene lidzafunike kudzakhala mdima. Ikani tsiku ndi nambala ya mtundu wa jenereta pamwamba. Lilowetseni m'kathumba ka pulasitiki, mulikhome pakhoma pafupi ndi pamene jenereta imakhala, kutali ndi paipi ya utsi. Lijambuleni ndi foni, mutumizire aliyense amene amailiza, ndipo zithunzi za masamba a buku zija muzisunge, musazifufute.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chachikulu ndi kufupikitsa mpaka kudula tanthauzo. Buku likati "yeretsani, ndipo ngati yasweka sinthani", wina amangolemba "sinthani pulagi", anthu n'kumagula pulagi yatsopano mwezi uliwonse pomwe yakaleyo inkangofuna kupukutidwa. Mawu a "ngati", "musana-" ndi "pokhapokha" ndi amene amasenza chiganizo. Chotsani mawu aulemu ndi obwerezabwereza, awa muwasiye.

China ndi kumasulira mawu amodzi m'njira ziwiri. Mukalemba "mafuta" pamzere wina kutanthauza petulo, pamzere wina kutanthauza oyilo, tsiku lina wina adzathira cholakwika pamalo olakwika. N'chifukwa chake m'tebulo lathu mulibe mawu oti mafuta paliponse. Muli petulo ndi oyilo basi.

Ena amalemba danga lachiwiri ngati chigamulo. Choyambitsa chimene chili m'tebulo ndi chongoganiziridwa mpaka chitayesedwa. Vuto limodzi lili ndi zoyambitsa zingapo, ndipo wowerenga ayenera kudziwa kuti akatsiriza mzere umodzi vuto likadalipo, atsikire wotsatira. Manambala a 1 mpaka 9 aja ntchito yake ndi imeneyi.

Kudzaza pamene chithunzi sichikuoneka n'koopsa kuposa kusiya mpata. Chala cha wojambula chikaphimba ngodya ya tsamba, siyani bokosilo lopanda kanthu, mulembepo funso ndi pensulo, mupemphe chithunzi china.

Palinso oika m'tebulo ntchito zimene buku lenilenilo linasiyira okonza, monga kusintha liwiro la injini kapena kutsegula kumene kumapangidwa magetsi. Liwiro la injini ndi limene limasunga magetsi pamlingo wake, ndipo wolipotokola mongoyerekeza amatha kuotcha zipangizo zonse zimene zalumikizidwa. Pamene muvi wa buku wathera kwa okonza, tebulo lanu lithere pomwepo.

Chomaliza ndi kuiwala kuti pepala limakhalitsa kuposa makina. Jenereta ikasinthidwa, pepala lakale limatsala pakhoma ndi manambala a injini ina. Tsiku limene yatsopano yafika, chotsani pepalalo, mujambule buku latsopano lisanasowe, muyambirenso pa Gawo 2.